Chifukwa chimene chithunzi sichinena zoona pa kukula kwa nyama

Munthu akajambula njoka, kangaude kapena chilombo chimene sachidziwa n'kupempha ena kuti amuuze dzina lake, funso loyamba limene odziwa nyama amamufunsa limakhala la kukula kwake. Ambiri amadabwa nalo funso limeneli, poganiza kuti chithunzi chafotokoza kale zonse. Koma kukula ndi chinthu chimodzi chimene kamera siisunga. Kamera imangolemba kuti chinthu chatenga gawo lalikulu bwanji la malo amene galasi lake likuona, ndipo gawo limenelo limadalira zinthu ziwiri nthawi imodzi: kukula kwenikweni kwa chinthucho ndi mtunda wake kuchokera pa kamera. Chithunzi chimasakaniza ziwirizi kukhala chimodzi, moti ngati simukudziwa mtunda, simungathe kutulutsamo kukula.

Lamulo lake ndi losavuta. Chinthu chikayandikira kufika pa theka la mtunda umene chinali, chimaoneka chachikulu kawiri pachithunzi, ndipo chikabwera pa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtundawo, chimaoneka chachikulu katatu. Tikamaona ndi maso athu sitipusitsika kawirikawiri, chifukwa maso awiri amathandizana kuyeza mtunda, komanso timasuntha mutu n'kuona mmene zinthu zapafupi zikusunthira mofulumira kuposa zakutali. Kamera ili ndi diso limodzi ndipo chithunzi sichisuntha. Ubongo ukasowa njira zake zoyezera mtunda, umangoganiza kuti zinthu zimene zayandikana pachithunzi zinayandikananso pamalopo, ndipo apa ndi pamene kulakwitsa kumayambira.

Tiyerekeze kuti pabwera chithunzi cha bambo amene wanyamula njoka yakufa pa ndodo. Njokayo ndi yofiirira, yosalala, yakoledwa pafupi ndi mutu ndipo ikulendewera molunjika pansi. Pachithunzi, kuchokera kumutu mpaka kumapazi, bamboyo watenga mapikiselo 1,700, omwe ndi timadontho ting'onoting'ono timene timapanga chithunzi, ndipo tikudziwa kuti msinkhu wake ndi masentimita 170. Njokayo yatenga mapikiselo 2,400. Woyang'ana mwachangu anena kuti pikiselo khumi iliyonse ikuimira sentimita imodzi, choncho njokayo ndi yotalika masentimita 240. Njoka yofiirira, yowonda, yoposa mamita awiri imapangitsa aliyense kuganizira za mamba, yomwe ikakula imafika mamita awiri mpaka atatu.

Tsopano tifunse za mitunda. Wojambula anaima mamita atatu kuchokera pa bamboyo. Bamboyo anatambasula dzanja kutsogolo, ndipo ndodo yake ndi yotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, yoloza kumene kuli kamera, chifukwa palibe amene amafuna njoka pafupi ndi thupi lake ngakhale itafa. Dzanja ndi ndodo pamodzi zabweretsa njokayo mamita awiri kutsogolo, moti ili mita imodzi yokha kuchokera pa kamera. Kuwerengera koyenera kuli motere:

```
kukula = (2400 ÷ 1700) × 170 × (1 ÷ 3) = 80
```

Gawo lomalizalo, mtunda wa njoka kugawa ndi mtunda wa munthu, ndi limene woyang'ana mwachangu uja anasiya. Njokayo ndi ya masentimita 80. Ngakhale titalakwitsa pang'ono n'kupeza kuti inali pa mita 1.2, yankho likhala masentimita 96, lomwe likadali kutali kwambiri ndi 240. Pa kukula kotere mndandanda wa njoka zoti tiziganizire umasintha kotheratu, ndipo imalowamo njoka yofiirira yopanda ululu imene imasaka makoswe pafupi ndi nyumba. Pano ndiyenera kuchenjeza mwamphamvu kuti kuchepa kwa njoka si umboni wakuti ndi yosaopsa, pakuti mwana wa mamba amaswedwa ali wa masentimita 40 mpaka 60 ndipo amakhala ali kale ndi ululu. Chimene kuwerengera kwathu kwachita ndi kuchotsa umboni wabodza umene unatikokera ku dzina limodzi, kuti tibwerere ku zizindikiro zodalirika monga maonekedwe a mutu, mizere ya pankhope ndi kaikidwe ka mamba a pakhungu.

Bamboyo sanafune kunamiza munthu, ndipo zithunzi zambiri zosokoneza zimabadwa chonchi, popanda chinyengo. Foni imathandizira vutoli chifukwa galasi lake lalikulu limaona dera lotakata, pafupifupi madigiri 70 m'litali mwa chithunzi, moti wojambula amakakamizika kuyandikira kuti chinthu chidzaze chithunzicho. Anthu ena amati galasi lotakata ndi limene limakulitsa zinthu zapafupi, koma kwenikweni mlandu ndi wa kuyandikirako. Wojambula yemweyo akanaima mamita khumi kuchokera pa bamboyo, njokayo ikanakhala pa mamita asanu ndi atatu, ndipo ikanaoneka ngati ya masentimita 100 m'malo mwa 240. Kusiyana kwa mamita awiri kumalemera kwambiri mukakhala pafupi, ndipo kumapepuka mukapita patali.

Chithunzi chodziwika kwambiri cha mtundu uwu chinafala m'chaka cha 2004 kuchokera kwa asilikali a ku America amene anali ku Iraq. Chinaonetsa tizilombo tiwiri ta gulu la Solifugae, tofanana ndi akangaude koma tothamanga kwambiri ndiponso ta nsagwada zazikulu, titalumana n'kulendewera, ndipo tinkaoneka totalika ngati mwendo wa msilikali amene anaima kumbuyo. Tizilomboto tinali pafupi kwambiri ndi galasi la kamera, pamene mwendowo unali patali. Zazikulu kwambiri m'gulu limeneli sizipitirira masentimita pafupifupi 15 kuphatikiza miyendo. Umboni unali m'chithunzi momwemo, pakuti mkono wa malaya a wonyamulayo unaonekera m'mbali, waukulu mofanana ndi mmene tizilomboto tinakulitsidwira, koma maso a anthu anathamangira ku mwendo wakutali uja.

Phunziro la kaonedwe lili pomwepo: m'chithunzi chotere funafunani chinthu chimene chikukhudza nyamayo, osati chimene changoima kumbuyo kwake. Pa chithunzi cha msodzi wonyamula nsomba, yang'anani zala zimene zagwira nsombayo n'kuziyerekeza ndi nkhope yake. Ngati chala chimodzi chikuoneka chonenepa ngati mphuno ndi pakamwa pamodzi, manjawo atambasulidwa kutsogolo, ndipo nsombayo iyenera kuyezedwa ndi zalazo, osati ndi chifuwa cha munthuyo. Ngati zigongono sizikuoneka ndipo zala zabisika kuseri kwa nsomba, ndiye kuti choyezera chokhacho chodalirika chachotsedwa. Pa chithunzi cha ndodo, onani ngati ndodoyo ikuoneka yaifupi koma yonenepa kunsonga, chifukwa ndodo yoloza ku kamera imaoneka choncho. Chizindikiro china ndi kuthwa kwa chithunzi: ngati nyamayo ikuoneka bwino mpaka tsitsi lililonse pamene munthu wakumbuyo akuoneka mwachimbuuzi, ziwirizo sizinali pa mtunda umodzi.

Vuto lachiwiri ndi losiyana, ndipo kwa ine ndi lovuta kuposa loyamba, chifukwa m'chithunzi simukhala choyezera cholakwika, koma simukhala choyezera chilichonse. Nyama yaima pakati pa udzu kapena pa dothi loyera, kutali, ndipo wojambula wayikokera pafupi ndi kamera. Udzu ulibe msinkhu umodzi, pakuti ulipo wofika m'kakolo ndipo ulipo wobisa munthu, ndipo mwala ukhoza kukhala wokwana m'dzanja kapena waukulu ngati nyumba. Ubongo sulola kukhala wopanda yankho, choncho umayamba wasankha dzina la nyamayo, kenako n'kupatsa udzu ndi miyala kukula kogwirizana ndi dzinalo. Amene wayamba kuganiza kuti akuona nyalugwe amaona udzu wautali, ndipo amene waganiza za mphaka amaona kapinga wamfupi, onse akuyang'ana chithunzi chimodzi.

Mu Ogasiti 2012, pafupi ndi St Osyth m'chigawo cha Essex ku England, anthu anajambula patali nyama imene inakhala m'munda n'kunena kuti ndi mkango. Apolisi anaisaka ndi mfuti ndi ndege za helikoputala, ndipo tsiku lotsatira analeka kusakako atafika poganiza kuti mwina anali mphaka wamkulu. Thupi la mphaka woweta ndi la amphaka aakulu a kutchire n'lomangidwa mofanana, moti kukula kukachotsedwa, kusiyana kumene kumatsala m'chithunzi chachimbuuzi kumakhala kochepa kwambiri, ngakhale kuti mphaka amafika masentimita pafupifupi 25 paphewa pamene nyalugwe amafika 60 mpaka 70.

Pali njira ziwiri zobwezeretsera choyezera pa chithunzi chotere. Yoyamba, yomwe ndi yodalirika kwambiri, ndi kubwerera pamalopo. Wojambula aime pamene anaima, agwire kamera yomweyo pa msinkhu womwewo n'kuikokera pafupi mofanana, ndipo mnzake akaimike ndodo yolembedwa masentimita pamene panaponda mapazi a nyamayo. Zithunzi ziwirizo zikaikidwa pamodzi, msinkhu wa nyamayo umawerengeka pa ndodoyo. Ofufuza amene amatchera makamera m'tchire amachita zofananazi pojambula ndodo yoyezera pa mitunda ingapo kutsogolo kwa kamera iliyonse asanaisiye. Chovuta ndi kupeza malo enieni amene nyamayo inaima, makamaka ngati udzu unabisa mapazi ake, pakuti kulakwitsa ndi mamita asanu pa mtunda wa mamita 25 kumasintha yankho ndi gawo limodzi mwa magawo asanu.

Njira yachiwiri imagwira ntchito pa chithunzi chimodzi chokha, koma pokhapokha malowo ali athyathyathya mpaka kutali. Pamalo otere, mzere umene thambo limaoneka ngati lakumana ndi dziko umakhala pa msinkhu wa kamera. Ngati wojambula anagwira foni pamaso pake, masentimita 160 kuchokera pansi, ndiye kuti paliponse m'chithunzimo, mpata wochokera pamene chinthu chaponda kufika pa mzerewo ukuimira masentimita 160. Tinene kuti kuchokera pa mapazi a nyama kufika pa mzerewo pali mapikiselo 400, ndipo kuchokera pa mapazi kufika paphewa pali mapikiselo 65. Kugawa 65 ndi 400 n'kuchulukitsa ndi 160 kukupereka masentimita 26, womwe ndi msinkhu wa mphaka. Nyalugwe akanatenga mapikiselo oposa 150. Malo akakhala otsetsereka, kapena mzerewo ukabisika ndi mitengo ndi mapiri, njirayi imanama, ndipo ndi bwino kuisiya kusiyana ndi kuikakamiza.

Ngakhale nyama ziwiri zitaoneka m'chithunzi chimodzi chojambulidwa patali, kuziyerekeza kuli ndi msampha wake. Katswiri wa mbalame wa ku Britain, Peter Grant, analemba m'chaka cha 1983 kuti poyang'ana ndi magalasi okokera zinthu pafupi, mbalame yakumbuyo imaoneka yaikulu kuposa mmene ilili poyerekeza ndi yakutsogolo. Chifukwa chake n'chakuti mbalame ziwiri zofanana, ina pa mamita 30 ina pa mamita 33, zimasiyana pang'ono chabe pachithunzi, yakumbuyo n'kukhala pafupifupi 91 peresenti ya inzake. Koma galasi lazibweretsa pafupi ngati zili pamaso penipeni, ndipo ubongo, pozindikira kuti ina ili kumbuyo, umayembekezera kuti ichepe kwambiri monga zimakhalira ndi zinthu zapafupi. Ikapanda kuchepa chotero, ubongo umagamula kuti ndi mbalame yaikulu. Kwa mbalame za m'mphepete mwa madzi, zomwe mitundu yake imasiyana ndi masentimita ochepa, zimenezi n'zokwanira kusintha dzina. Mankhwala ake ndi kuyeza mapikiselo pachithunzi m'malo mokhulupirira diso.

Mbali imene kamera yayang'anira imabweretsa kupotoza kwa mtundu wina, ndipo kumeneku kumaononga ngakhale chida chimene odziwa nyama amathawirako choyezera chikasowa, chomwe ndi kuyerekeza ziwalo za nyama imodzimodziyo. Chiwalo chimaoneka pa utali wake wonse pokhapokha chitagona mopingasa kutsogolo kwa kamera. Chikapendekera kumene kuli kamera kapena kutali nayo, chimafupika: pa madigiri 30 chimaoneka 87 peresenti ya utali wake, pa madigiri 45 chimatsala 71 peresenti, ndipo pa madigiri 60 chimatsala theka. Onani mmene kufupikaku kumayambira pang'onopang'ono kenako n'kuthamanga, moti kupendekera kochepa sikuvulaza kwambiri, koma kukapitirira madigiri 30 kumasintha zinthu msanga.

Makoswe awiri ofala padziko lonse amaonetsa bwino zimenezi. Khoswe wakuda, wokonda kukwera m'madenga, ali ndi mchira wautali kuposa mutu ndi thupi pamodzi, pamene khoswe wofiirira, wokonda kukumba pansi ndi kuyenda m'ngalande, ali ndi mchira waufupi kuposa mutu ndi thupi. Tiyerekeze khoswe wakuda wa thupi la masentimita 18 ndi mchira wa masentimita 20, wajambulidwa cha m'mbali, thupi lili mopingasa koma mchira wakhotera kumbuyo ndi madigiri 45. Pachithunzi mchirawo uoneka ngati wa masentimita 14, ndipo popeza nsonga yake ili patali pang'ono, uchepanso kuposa pamenepo. Woyeza mosamala, amene wachita zonse molondola kupatula kufunsa za mbali, alemba kuti mchira ndi waufupi kuposa thupi n'kutchula khoswe wolakwika. Kulakwitsa kumeneku kuli ndi njira imodzi imene kumalowera, ndipo kudziwa zimenezi kumathandiza: kupendekera kumafupikitsa chiwalo, sikuchitalikitsa. Choncho mchira umene ukuoneka wautali kuposa thupi logona mopingasa ndi wautalidi, koma umene ukuoneka waufupi sunatsimikize kanthu mpaka titaona chithunzi chojambulidwa kuchokera pamwamba.

Zomwezi zimachitika ndi mlomo wa mbalame imene yatembenuza mutu pang'ono, komanso ndi buluzi wojambulidwa chakumutu, amene amaoneka wa mutu waukulu ndi mchira wochepa. Kujambula kuchokera pansi kumachititsa nyama kuoneka yaitali ndi yamphamvu chifukwa imadutsa mzere wa thambo uja, pamene kujambula kuchokera pamwamba kumabisa miyendo n'kuifupikitsa. Ndi njoka, vutoli lakhala likubala chikhulupiriro chakuti mutu wa makona atatu ndi chizindikiro cha ululu, chonsecho mutu woyandikira galasi la foni umaoneka wotakata kuposa khosi, ndiponso njoka zambiri zopanda ululu zimaphwatalitsa mutu zikaopsezedwa.

Pa tizilombo tating'ono anthu amayesetsa kuika choyezera, koma kawirikawiri amachiika pamalo olakwika. Kangaude ali pakhoma, ndipo wojambula, poopa kumuyandikira, wagwira lula m'malere masentimita 5 kutsogolo kwa khomalo, foni ili masentimita 15 kuchokera pakhoma. Lulayo ili pa masentimita 10, choncho yakulitsidwa kamodzi ndi theka poyerekeza ndi kangaudeyo, ndipo kangaude wa mamilimita 30 awerengedwa ngati wa mamilimita 20. Foni ikabwerera pa masentimita 60 n'kukokera chithunzi pafupi, mpata womwewo wa masentimita 5 umangolakwitsa ndi 9 peresenti. Chala ndi choyezera chofooka chifukwa zala zimasiyana munthu ndi munthu, ndipo ndalama yachitsulo imathandiza okhawo amene akuidziwa. Khadi la kubanki lili ndi ubwino wakuti kukula kwake n'kofanana padziko lonse, mamilimita 85.6 m'litali ndi pafupifupi 54 m'lifupi, bola manambala ake abisidwe. Chinthu chozungulira chili ndi phindu lina lapadera, pakuti chikaoneka ngati dzira pachithunzi chimaulula kuti kamera inapendekera, ndipo n'chifukwa chake malula ena a ofufuza milandu amakhala ndi timizere tozungulira tosindikizidwa pamenepo. Pamene nyama singayandikiridwe, monga shaki zazikulu za m'nyanja, ofufuza amamangirira pa kamera nyali ziwiri za leza, zomwe zimatulutsa kuwala kowonda kolunjika, zoloza mofanana, zotalikirana mwachitsanzo masentimita 50, kuti madontho awiri a kuwala agwere pathupi la nyamayo n'kukhala choyezera chimene chili pa mtunda wake weniweni.

Wojambula amene akufuna kuti chithunzi chake chiyezeke aike choyezera pansi kapena pakhoma pomwe pali nyamayo, mogona mofanana ndi thupi lake, kenako abwerere m'mbuyo mpaka mtunda ukhale woposa kakhumi mpata uliwonse wotsala pakati pa choyezeracho ndi nyamayo, zomwe zimasunga kulakwitsa pafupi ndi 10 peresenti kapena kucheperapo. Kamera iyang'ane molunjika, ndipo nyamayo ikhale pakati pa chithunzi, chifukwa m'mphepete mwa galasi lotakata thupi lozungulira limatambasuka ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Ngati nyamayo ndi yoopsa kapena yathawa, choyezera chikhoza kudikira: jambulani nyamayo muli patali, ndipo ikachoka, ikani lula pa njerwa, tsamba kapena mng'alu umene thupi lake linakhudza, n'kujambulanso mutaima pamalo omwe aja. Potumiza zithunzizo, chimodzi chikhale chosadulidwa m'mbali, chifukwa kudula chithunzi kuti nyama ioneke bwino ndi kumene kumataya chitseko, njerwa ndi phazi la munthu zimene woyeza akanagwiritsa ntchito.